Mtima wa chinanazi umadyedwa: kadulidwe kake, ndi chimene chimaluma m'kamwa

Mukang'amba chinanazi pakati mumapeza kandodo kolimba, kotuwirako, koyenda kuchokera kumunsi mpaka kumasamba a pamwamba. Umenewu ndiye mtima wa chinanazi. M'nyumba zambiri umatayidwa limodzi ndi makoko, ndipo ana amauzidwa kuti ndi umene umang'amba lilime. Mtimawo ulibe poizoni, ndipo umadyedwa bwinobwino. Vuto lake ndi ulusi basi, ndipo ulusi umagonja ku mpeni. Zoluma m'kamwa zili m'chipatso chonse, moti ngakhale mutataya mtimawo lilime lidzakuwawanibe mukadya chambiri.

Kuti nkhani iyende bwino, tiyeni titenge chinanazi chimodzi cha kilogalamu imodzi ndi theka, chonga zimene zimaunjikidwa m'mbali mwa msewu ku Mulanje kapena ku Mwinilunga, tichitsate kuyambira pogula mpaka pakamwa.

Mtimawu ndi chiyani

Chinanazi si chipatso chimodzi ngati bango kapena papaya. Diso lililonse limene mumaliona pakhungu linali duwa palokha. Maluwa amenewa, amene amakhala pakati pa 100 ndi 200, amamera mozungulira phesi limodzi, ndipo akamakula amafufuma n'kumatirirana mpaka kukhala chinthu chimodzi. Phesi lija silichoka. Limatsala pakati, n'kupitirira pamwamba kukatulutsa chisoti cha masamba chija. Choncho mtima wa chinanazi ndi phesi limene linanyamula maluwa, ndipo ndi njira imene madzi ndi shuga zinkadzera kuchoka ku chomera kupita ku diso lililonse.

N'chifukwa chake uli ndi ulusi wambiri, ndipo ulusiwo umayenda choimirira, kuchokera pansi kupita pamwamba, monga wa mzimbe. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa kadulidwe konse katsamira pamenepa.

Pa chinanazi chathu cha magalamu 1,500, pafupifupi theka lokha ndi limene anthu amadya. Chisoti chimatenga magalamu 200 kapena kupitirirako, makoko ndi maso pafupifupi 400, ndipo mtima umakhala wa magalamu 100 mpaka 150. Si wambiri, koma pa zinanazi khumi ndiye kuti mwataya chakudya choposa kilogalamu. Umakhala ndi madzi, shuga wocheperapo poyerekeza ndi mnofu, vitamini C, ndi ulusi wothandiza kuti m'mimba muziyenda bwino.

Kulimba kwake kumasiyana ndi mtundu. Zinanazi zazikulu za masamba opanda minga yambiri, za mtundu wa Kayeni, zimakhala ndi mtima wonenepa, wa masentimita awiri kapena atatu m'mimba mwake, ndipo ndi wolimba ndithu. Zazing'ono za masamba aminga ndi maso otuluka, za mtundu wa Kwini, mtima wake ndi wowonda ndi wofewa, moti anthu ambiri amangodyera kumodzi osazindikira n'komwe.

Posankha

Chinanazi chikathyoledwa sichiwonjezeranso shuga. Nthochi ndi mango zimasunga sitalichi amene amasanduka shuga zikavundikiridwa, koma chinanazi chimalandira shuga wake kuchokera ku chomera, ndipo mpeni ukangodula phesi, nkhani yathera pompo. Mukachisunga masiku atatu khungu lidzachita chikasu, mnofu udzafewa, kuwawasa kungatsikeko pang'ono, koma kutsekemera sikudzakwera. Kuchiimika chozondoka, monga ena amalangizira, sikupanga shuga amene mulibe.

Ndiye sankhani chimene chinapsera kumunda. Chinyamuleni mununkhize kumunsi, kumene kunali phesi: chakupsa chimanunkhira chinanazi, chosapsa sichimveka fungo lililonse, ndipo chopsa mopitirira chimamveka ngati mowa kapena viniga. Maso akhale otambasuka ndi aakulu mofanana, ndipo chikasu chikhale chitayamba kumunsi. Chikhale cholemera m'manja. Kuzula tsamba la pachisoti si umboni wodalirika, chifukwa ngakhale chimene changokhalitsa pamsika tsamba lake limazuka mosavuta.

Izi zikukhudzana ndi nkhani yathu mwachindunji. Chinanazi chosapsa chimakhala ndi mtima wouma ngati mtengo, chimawawasa kwambiri, ndipo chachiwisi chenicheni chimapweteka pakhosi ndi kutsegula m'mimba. Chimenecho musadye chosaphika, kaya ndi mtima kaya ndi mnofu.

Kasendedwe ndi kadulidwe

Yambani ndi kuchitsuka ndi madzi oyera chisanasendedwe, chifukwa mpeni umatenga dothi la pakhungu n'kulilowetsa mkati. Chigonekeni pa thabwa, mudule chisoti pamodzi ndi sentimita imodzi ya chipatso, mudulenso chimodzimodzi kumunsi. Tsopano chiimikeni, musende kuchokera pamwamba kupita pansi motsata kupindika kwake, osalowetsa mpeni kwambiri. Mnofu wa pafupi ndi khungu ndi wotsekemera, ndipo amene amasenda mokhuthala pofuna kuchotseratu maso amataya gawo labwino.

Maso otsala aja musawasiye. Ali ndi timinga touma timene timakanda milomo ndi lilime, ndipo pokandika paja ndi pamene kuluma kumayambira. Mukayang'anitsitsa muona kuti ali m'mizere yopendekeka yozungulira chipatso. Dulani kamzere kakang'ono mbali iyi ndi mbali iyo ya mzere uliwonse, ngati mukukumba kangalande, ndipo maso atatu kapena anayi achokera kumodzi.

Apa ndi pamene njira zimasiyana. Ogulitsa ambiri amang'amba chinanazi m'litali, zigawo zinayi kapena zisanu ndi zitatu, chigawo chilichonse chili ndi mtima kumsana kwake. Mukaluma mtima wodulidwa motere, mano akulimbana ndi ulusi wautali ngati chala, ndipo ndi umene umakodwa m'mano n'kutsala m'kamwa ngati chingwe. Munthu akayesa kamodzi motere amangoti mtima sudyedwa.

Chofunika ndi kuudula mopingasa. Ng'ambani chinanazi zigawo zinayi, muimike chigawo chilichonse, mutsitse mpeni kumbuyo kwa mtima kuti uchoke ngati kandodo ka ngodya zitatu. Gonekani timitengo tinayi timeneti, muwaze mopingasa, tizidutswa topyapyala ta mamilimita awiri kapena atatu. Ulusi uliwonse tsopano ndi waufupi ngati njere ya mpunga. Kachidutswa kotere kamati khumu m'kamwa ngati karoti wamuwisi, ndipo kamatafunika mpaka kutha. Mpeni ukhale wakuthwa. Wobuntha umangophwanya mtima n'kufinya madzi ake pa thabwa.

Lawani kachidutswa ka kumunsi ndi ka kumwamba, muona kusiyana. Maluwa a chinanazi amayamba kutseguka kumunsi n'kumakwera, choncho mbali ya kumunsi imapsa msanga ndipo imatsekemera kuposa ya kuchisoti. Ngati m'nyumba muli munthu amene lilime lake silichedwa kuwawa, mpatseni za kumunsi.

Ngati simukufuna kuutafuna

Mtima wa magalamu 120 umakwanira kapu imodzi yaikulu ya chakumwa. Uwazeni monga tanenera, muuike m'bulenda ndi madzi okwana mamililita 250, mugaye mphindi imodzi, musefe ndi sefa wa tiyi mukukanikiza ndi supuni. Popanda bulenda, usinjeni mu kamtondo koyera, muthire madzi, mufinyire pa kansalu. Kulakwitsa kofala ndi kuponya kandodo kathunthu m'bulenda: ulusi wautali umakulunga pa timipeni, makina n'kuyamba kulira mopanda mphamvu.

Kuphika kumaufewetsa. Ikani tizidutswato m'poto ndi makapu awiri a madzi, supuni ziwiri zazikulu za shuga ndi kachidutswa ka jinja, ziwire pang'onopang'ono mphindi 20 mpaka 25 mutavundikira. Madziwo mumwe otentha kapena ozizira, ndipo tizidutswato muthire m'phala. Zikapsa musazisiye kugona mu sefuliya ya aluminiyamu, chifukwa asidi wa chinanazi amadya chitsulocho ndipo chakumwa chimamveka fungo la poto. Khuthulirani mu botolo lagalasi kapena m'chigubu chapulasitiki.

Mukapanga jamu, palani mtimawo pa chopalira karoti n'kuuphatikiza ndi mnofu. Ndipo palibe cholakwika kungoutafuna ngati mzimbe, kumeza madzi n'kulavula ulusi.

Chimene simuyenera kuchita ndi kumeza zidutswa zikuluzikulu zosatafunika. Ulusi wa mtima sugayika m'mimba, ndipo munthu akameza wambiri nthawi imodzi ukhoza kuumbika n'kutseka njira. Izi sizichitika kawirikawiri, koma amene anachitidwapo opaleshoni ya m'mimba, okalamba amene mano anatha, ndi ana aang'ono ndi amene ali pa ngozi. Mwana wosakwana zaka zinayi musam'patse mtima wosaphika, angatsamwe nawo.

Chimene chimaluma

Zinthu zake ndi zitatu, ndipo zimathandizana.

Choyamba ndi bulomeleni. Imeneyi ndi enzayimu, kutanthauza kanthu kamene chomera chimapanga kuti kazidula zinthu zina. Ntchito ya bulomeleni ndi kudula mapuloteni, monga momwe sizasi imadulira chingwe m'tizidutswa. Katswiri wa ku Venezuela, Vicente Marcano, ndiye anaizindikira m'madzi a chinanazi mu 1891, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1950 imatengedwa m'tsinde la chomerachi n'kumagulitsidwa ngati ufa wofewetsera nyama. Tsinde la pansi, limene limatsala m'munda, ndi limene lili ndi yambiri, koma imapezekanso mu mtima, mu mnofu ndi m'makoko.

Tsono m'kamwa mwanu monse mwakutidwa ndi mapuloteni. Pamwamba pa lilime, m'masaya ndi m'nkhama pali kamuyalo koterera ka malovu kamene kamateteza khungu lofewa la pansi pake. Bulomeleni imayamba kudula kamuyalo kameneka, kenaka n'kufika pa khungu lenilenilo. Siluma nthawi yomweyo. Chidutswa choyamba chimakoma bwinobwino, chachiwirinso, koma pofika chachisanu kapena chachisanu ndi chimodzi lilime limayamba kumveka ngati lakhudzidwa ndi tiyi wotentha. Amene amati chinanazi chimadya wochidya sakunama.

Chachiwiri ndi asidi. Chinanazi chili ndi asidi wa sitiriki, yemwe uja wa m'mandimu, ndi wa maliki. Pa muyeso wa pH, pamene 7 ndi madzi wamba ndipo nambala yotsika ikutanthauza asidi wambiri, chinanazi chimakhala pakati pa 3.2 ndi 4. Pa lilime lotetezedwa, asidi ameneyu amangomveka kuwawasa kokoma. Pa lilime limene bulomeleni yalivula, amamveka ngati ndimu pa bala. Ndi asidi yemweyu amene amachititsa mano kuyayamira, pakuti chikutiro cholimba cha dzino chimayamba kufewa pH ikatsika kupitirira 5.5.

Chachitatu ndi timasingano. M'maselo ena a chinanazi muli timiyala ta kashiamu okisaleti, tosaoneka ndi maso, tosongoka mbali zonse ziwiri. Amene anadyapo koko wosapsa bwino, kapena masamba ake, amadziwa kuyabwa kwake pakhosi: ndi timasingano tomweti, kungoti mu koko ndi tambiri kwabasi. M'chinanazi ndi tochepa, koma mukamatafuna timabaya khungu timabowo ting'onoting'ono. Mu 2014 akatswiri a ku Japan anaonetsa poyesa pa mbozi kuti timasingano totere ndi enzayimu yodula mapuloteni zikakhala pamodzi zimavulaza kwambiri kuposa chilichonse pachokha, chifukwa singano imaboola ndipo enzayimu imalowera pabowopo. Chomeracho chimadziteteza motero ku tizilombo, ndipo pakamwa pa munthu pamangolawako pang'ono za nkhondo imeneyi.

Nanga mtima ukulowa pati? Bulomeleni ilimo, monga ilili mu mnofu. Chimene umawonjezera ndi nthawi ndi kukhakhala. Chidutswa cha mnofu mumachimeza mutatafuna kangapo, pamene kandodo ka mtima mumalimbana nako mphindi yathunthu, ulusi ukupala lilime, madzi ake akukhalitsa m'kamwa. Ukawazidwa mopyapyala, zonse ziwiri zimachepa.

Mukhoza kudziwa chimene chakuvutani poona nthawi ndi malo. Kukaluma pa kulawa koyamba, makamaka pa milomo yong'ambika kapena pa kachilonda, ndiye asidi. Kukabwera pang'onopang'ono, lilime n'kufiira ndi kusalala, chakudya china chilichonse n'kumawawa pambuyo pake, ndiye bulomeleni. Kunyerenyesa ngati tatsabola pakhosi ndi kumwamba kwa kamwa kungakhale chifukwa cha timasingano. Nthawi zina timadontho ta magazi timaoneka pa lilime kapena m'mphepete mwa milomo munthu akadya chinanazi chathunthu yekha. Zimaopsa kuona, koma ndi khungu lapamwamba chabe.

M'mimba musade nkhawa. Chifu chili ndi muyalo wake wokhuthala woteteza, ndipo bulomeleni nayonso ndi puloteni, imene asidi ndi madzi ogaya chakudya amalimbana nayo monga amachitira ndi ena onse.

Kudzionera nokha

Pali kayesedwe kophweka kamene kamasonyeza bulomeleni ikugwira ntchito. Gulani paketi ya ufa wa jele wopangidwa ndi jelatini, musungunule monga mwa malangizo ake, mugawe m'makapu atatu. M'kapu yoyamba ikani supuni ya chinanazi chachiwisi chowazawaza. M'yachiwiri ikani supuni ya chomwecho koma chimene mwachiwiritsa mphindi zisanu. Yachitatu musaikemo kanthu. Ikani onse mufiliji maola anayi. Yachiwiri ndi yachitatu zidzagwirana, yoyamba idzakhala madzi mpaka mawa, chifukwa jelatini ndi puloteni ndipo yaduliratu. Mukafuna, onjezani kapu yachinayi ya chinanazi chimene chinagona mufiliza. Nayonso sidzagwirana, ndipo zimenezi zikutifikitsa ku funso la zimene zimathandiza.

Zimene zimathandiza ndi zimene sizithandiza

Moto wokha ndi umene umapha bulomeleni. Koma moto wake ukhale wokwanira. Enzayimuyi imagwira ntchito mwamphamvu kwambiri pa madigiri 50 mpaka 60, kutentha kwa madzi amene chala chimapirira kamphindi chabe. Choncho kungofunditsa chinanazi, kapena kuchisiya padzuwa m'pepala lapulasitiki, sikuichepetsa ayi. Imafa msanga kutentha kukadutsa madigiri 70, ndipo pa madigiri 100 imatha m'mphindi zochepa.

Kukhitchini zikutanthauza izi. Zidutswa zokhuthala sentimita imodzi ziponyeni m'madzi owira, muwerenge mphindi zitatu mpaka zisanu kuyambira pamene madzi ayambiranso kuwira. Pa mbaula, ziikeni pa waya pamwamba pa makala amene asiya kufuka, mphindi zitatu kapena zinayi mbali iliyonse, mpaka zichite mizere yofiirira ndipo pakati patenthe. Kuwotcha kumaposa kuwiritsa pa kakomedwe, popeza madzi amauluka ndipo shuga amatsala. Zidutswa zikakhuthala masentimita atatu, kunja kumapserera pakati pasanatenthe, ndipo mudzadabwa kuti chikulumabe. Kutentha kumawononga gawo lina la vitamini C, amene m'chinanazi chachiwisi amakhala pafupifupi mamiligalamu 48 pa magalamu 100. Asidi ndi timasingano sizichoka ndi moto, koma popanda bulomeleni mphamvu zake zimachepa kwambiri. N'chifukwa chake chinanazi cha m'chitini ndi juwisi wa m'katoni, zimene zinatenthedwa ku fakitale, siziluma ngati chachiwisi.

Filiji ndi filiza zimangoigoneka tulo. Chidutswa chikafunda m'kamwa, enzayimu imadzuka. Chozizira chimamveka bwinoko chifukwa kuzizira kumachititsa lilime dzanzi pang'ono, basi.

Madzi amchere, amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'maiko a ku Asia, amathandizako mbali imodzi. Sungunulani supuni imodzi yaing'ono ya mchere mu theka la lita la madzi oyera, muviike zidutswa mphindi zisanu mpaka khumi, mutsanule. Madziwo amatsuka timadzi ta pamwamba, ndipo mchere umaphimba kuwawasa kotero kuti chimamveka chotsekemerako. Bulomeleni ya mkati mwa chidutswa imakhalabe. Mukaviika kupitirira theka la ola mudzangopeza chinanazi chamchere chosukuluka. Kuwaza shuga pamwamba kumanyenga lilime kokha.

Kudyera pamodzi ndi mkaka kapena yogati kumathandiza, chifukwa enzayimu imapeza mapuloteni ena oti idule m'malo mwa lilime lanu, ndipo mkaka umafewetsa asidi. Koma sakanizani pa nthawi yodya. Mukasakaniza m'mawa kuti mudye masana, mkaka umadukaduka, umalekana ndi madzi, ndipo umayamba kuwawa ngati mankhwala, popeza tizidutswa ta puloteni ya mkaka todulidwa motere n'towawa. Sikuti wasanduka poizoni, wangoipa kukoma. Pa kasitadi, keke ya kirimu kapena yogati yogulitsa, gwiritsani ntchito chinanazi chophika.

Njira yosafuna chipangizo ndi kadyedwe komwe. Dulani zidutswa zolowa m'kamwa kamodzi kuti madzi asamayenderere pa milomo. Kuluma chigawo chachikulu ngati chivwende ndi kumene kumasiya zilonda m'mphepete mwa kamwa. Idyani mutadya kale chakudya china, musachiyamwe ngati switi, ndipo kapu imodzi, magalamu 150 kapena apo, ndi muyeso umene anthu ambiri amatha osamva kanthu.

Chikakulumani kale

Chukuchani m'kamwa ndi madzi ozizira kawiri kapena katatu. Imwani mkaka wozizira pang'onopang'ono, mukuusunga m'kamwa kamphindi. Ngati mano ayayamira, sungunulani theka la supuni yaing'ono ya soda wophikira, yemwe uja wa therere, m'kapu ya madzi, muchukuche n'kulavula. Musatsuke mano ndi mswachi mpaka patapita mphindi 30, chifukwa chikutiro cha mano chikadali chofewa ndipo mswachi umachipala. Tsiku limenelo pewani tsabola, mandimu, tiyi wotentha kwambiri ndi tchipisi ta mchere. Khungu la m'kamwa limapola msanga: kuwawa kumatha m'maola ochepa, kukachuluka tsiku limodzi.

Manja nawonso amadyeka. Amene amasenda zinanazi zambiri tsiku lonse amaona nsonga za zala zikufiira, kusalala ndi kung'ambika m'mbali mwa zikhadabo. Magolovesi apulasitiki amateteza, ndipo popanda iwo sambani m'manja ndi sopo mukasenda ziwiri kapena zitatu zilizonse.

Pali kuluma kwina kumene si kwa bulomeleni wamba. Ngati milomo, lilime kapena zikope zatupa, thupi latuluka ziwengo kutali ndi pakamwa, pakhosi pakuthina, mawu asintha, mukubanika kapena mukusanza patangopita mphindi zochepa, ndiye kuti thupi lanu limadana ndi chinanazi. Kubanika ndi kutupa pakhosi n'zothamangira nazo kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti muone. Anthu amene thupi lawo limadana ndi labala wa magolovesi a kuchipatala nthawi zina amadananso ndi zipatso monga chinanazi, nthochi ndi mapeyala. Munthu wotere asayesere njira za mchere kapena mkaka zija.

Amene ali ndi zilonda zam'kamwa adikire zipole. Amene amavutika ndi chilungulira adye pang'ono, ndipo osati pogona. Za amayi oyembekezera, mphekesera yakuti chinanazi chimachotsa mimba kapena kuyambitsa matenda a kubereka inachokera ku bulomeleni yomweyi, koma imene ili m'zidutswa zingapo za chinanazi chakupsa ndi yochepa kwambiri moti singachite zimenezo. Chosiyana ndi mapilisi a bulomeleni ogulitsidwa m'mafamase, amene ndi amphamvu: woyembekezera, amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga wafarini, ndi amene akudikira opaleshoni asamwe asanafunse dokotala.

Mtima pa nyama yolimba

Mphamvu imene imavutitsa lilime ndi yomwe imathandiza pa nyama ya mbuzi yokalamba kapena ng'ombe ya pangolo, ndipo apa mtima wa chinanazi ndi woyenera kuposa mnofu chifukwa sutsekemera kwambiri. Tengani theka la kilogalamu ya nyama, muidule zidutswa za masentimita atatu. Sinjani kapena palani mtima wosaphika mpaka mupeze supuni ziwiri zazikulu, madzi ndi zotsalira zomwe. Pakani pa nyama paliponse, muvundikire, muike pozizira. Ya ng'ombe kapena ya mbuzi ikhale mphindi 30 mpaka ola limodzi. Nkhuku yachikuda mphindi 30 zikwanira. Nkhuku yachizungu ndi nsomba musaziike n'komwe, n'zofewa kale.

Nthawi ikakwana, tsukani nyamayo, muipukute, muthire mchere ndi zokometsera, muiike pa moto waukulu nthawi yomweyo. Moto wozilala umasunga nyama nthawi yaitali pa madigiri 50 mpaka 60 aja, pamene enzayimu imalusa, ndipo kunja kumasanduka phala. Chizindikiro choti mwapitiriza ndi ichi: nyama imatuwa, imaterera, ndipo mukaipaka ndi chala pamwamba pake pamanyenyeka ngati chiwindi chophika. Ikafika pamenepo sibwereranso. Choncho musaigoneke usiku wonse monga mumachitira ndi viniga kapena mandimu. Dziwaninso kuti bulomeleni imalowa mamilimita ochepa okha, moti pa nthuli yaikulu kunja kudzaphwetekera mkati mukadali molimba. Nthuli yotere iduleni kaye mopyapyala. Juwisi wa m'katoni safewetsa kanthu.

Mtima ukasintha mtundu

Nthawi zina mumang'amba chinanazi chooneka bwino kunja n'kupeza mnofu wozungulira mtima uli wabulauni ngati wanyowa ndi tiyi. Kawirikawiri izi zimachitika chipatso chikazizidwa, kumunda m'miyezi ya Juni ndi Julaye kapena chikasungidwa chathunthu masiku ambiri mufiliji yozizira kupitirira madigiri 7, kenaka n'kutulutsidwa. Ngati fungo lili bwino ndipo malowo ndi olimba, dulani mbali yoderayo mutaye, zotsalazo mudye, ngakhale kukoma kumakhala kutachepa. Koma mtima ukakhala wofewa, wotuluka thovu, wonunkha mowa, kapena pali nkhungu kumunsi kumene kunali phesi, kuola kwalowera m'njira zomwe zija za madzi ndipo kwafika patali kuposa pamene maso akuona. Chimenecho chitayeni chonse.

Chinanazi chathunthu chimakhala masiku awiri kapena atatu pamthunzi. Chosenda chiikeni m'chotengera chotseka mufiliji, chithe m'masiku atatu kapena anayi, ndipo kunja kotentha chisapitirire maola awiri. Timitengo ta mtima tokha mukhoza kutisonkhanitsa m'kathumba mufiliza kwa miyezi ingapo, mpaka tsiku limene mwagula nyama yolimba.